Ntchito zobisala mu unyolo wa maimelo

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga amene ntchito zathu masiku ano zikubwera kudzera pa imelo, makamaka ife akumudzi amene timawerengera makalatawa pa foni, tili chiimirire pachulu pamene pamagwira netiweki. Ine ndine mphunzitsi pasukulu ina ya sekondale yoyendera. Kalaliki tilibe, choncho imelo ya sukulu ahedi adandisenzetsa ine, ati poti foni yanga imasunga moto.

Kalata imodzi sivuta. Umaiwerenga, n'kuchita zimene yanena. Chovuta ndi kalata imene yalemberedwa anthu ambiri, aliyense n'kumayankha podina Reply All, mpaka makalata 20 kapena 30 n'kulumikizana pansi pa mutu umodzi. Ine ndimati umenewu ndi unyolo. Mu unyolo wotere ntchito imene adakupatsani poyamba imasintha m'njira, tsiku lomaliza limasuntha, ntchito zina zatsopano zimabadwa pakati, koma mutu wa kalata umakhala womwe uja, kungowonjezerapo Re: kutsogolo. Munthu akawerenga kalata yoyamba ndi yomaliza yokha amaganiza kuti wamva zonse.

Ndifotokoze za unyolo umodzi umene ndidausanthula, chifukwa njira yake imamveka bwino ukaiona ikugwira ntchito. Bungwe lina lidalonjeza kulipirira fizi ophunzira ovutika m'sukulu zingapo za m'dera lathu. Kalata yoyamba idabwera Lachinayi pa 27 Febuluwale. Idati sukulu iliyonse itumize mayina 15 pa fomu imene adaiphatika pa kalatayo, ndipo izi zichitike pasanathe masiku asanu ogwira ntchito. Pofika Lachinayi lotsatira, pa 6 Malichi, unyolowo udali ndi makalata 19. Oposa theka adali a "zikomo", "tamva" ndi "Mulungu akudalitseni". Anthu athu ndi aulemu, ndipo sindikuwadzudzula, koma ulemu umenewu ndiwo umakwirira nkhani zenizeni ngati masamba ogwera panjira.

Madzulo a tsiku limenelo ndidakhala pansi ndi kope ndi cholembera. Lamulo langa loyamba ndi lakuti ndimayambira pa kalata yoyamba kutsika mpaka yomaliza, ndipo sindiyankha kapena kuyamba ntchito iliyonse ndisanafike pansi. Mu Gmail makalata akale amakhala pamwamba atapindidwa, atsopano pansi, ndipo unyolo ukatalika apakati amabisika kuseri kwa kanambala. Uyenera kudina kanambalako ndi kutsegula kalata iliyonse payokha, ngakhale imene ikuoneka ngati ya "zikomo" chabe, chifukwa alipo anthu amene amathokoza kaye kenako n'kuponya nkhani yaikulu m'mzere wachitatu. Pa kalata iliyonse ndimadzifunsa ngati pali munthu amene akupemphedwa kuchita kanthu, kapena amene walonjeza kanthu, kapena ngati zimene zidanenedwa kale zasinthidwa. Ngati palibe, ndimadutsa. Ngati chilipo, ndimalemba mzere umodzi m'kope: chochita, wochita, tsiku, ndi nambala ya kalata imene ndachitengamo.

Nambala ya kalata ija anthu amaiona ngati yosafunika, koma imathandiza pa mkangano. Ahedi akafunsa kuti, "Aphunzitsi, zimenezi mwazitenga kuti?" sindiyambanso kufufuza unyolo wonse. Ndimangoti, "Bwana, kalata ya nambala 8, cha kumapeto."

Mzere wanga woyamba udali wophweka: tumiza mayina 15 pa fomu. Koma tsiku lake lidafuna kuwerengera. "Masiku asanu ogwira ntchito" si tsiku limene ungalipeze pa kalendala. Ndidayamba kuwerenga Lachisanu pa 28 Febuluwale ngati tsiku loyamba. Loweruka ndi Lamulungu sawerengedwa. Lolemba lidali pa 3 Malichi, tsiku lokumbukira anthu ofera dziko lino, ndipo maofesi amakhala otseka. Ndiye Lachiwiri lidali tsiku lachiwiri, Lachitatu lachitatu, Lachinayi lachinayi, ndipo lachisanu lidagwa Lachisanu pa 7 Malichi. M'kope ndidalemba "Lachisanu, 7 Malichi", dzina la tsiku ndi deti yake limodzi. Ndimatero nthawi zonse, chifukwa ziwirizi zikapanda kugwirizana pa kalendala ndimadziwa pompo kuti penapake pasokonekera.

Mzere umenewu sudakhalitse. M'kalata ya nambala 7 ahedi a sukulu ina adafunsa ngati ophunzira a Fomu 4 aloledwa. Yankho lidabwera m'kalata ya nambala 8, ndipo aliyense wowerenga mothamanga akadangoona mawu oyamba akuti ayi, ndi a Fomu 1 mpaka 3 okha. Koma pansi pake mkulu wa bungwe uja adawonjezera zinthu ziwiri zimene palibe adamufunsa. Adati chifukwa cha kuchuluka kwa sukulu, mayina achepetsedwa kufika pa 12, komanso dzina lililonse libwere ndi kalata ya amfumu a m'mudzi wa mwanayo, yokhala ndi chidindo. Onani mmene ntchito yaikulu kuposa zonse idalowera: m'yankho lopita kwa munthu wina, pa funso lina. Ndidakhwatcha 15 n'kulemba 12 pamwamba pake. Sindifufuta, ndimakhwatcha ndi mzere umodzi kuti chakale chizionekabe, poti munthu wina amene adawerenga kalata yoyamba yokha adzabwera akunena za 15, ndipo ndidzafuna kumuonetsa pamene zidasinthira.

Kalata ya nambala 11, ya Lachitatu pa 5 Malichi, idasinthanso ziwiri. Fomu yoyamba ija adati itayidwe, pali yatsopano yokhala ndi malo olembapo dzina la mudzi. Ndipo tsiku lomaliza adalisunthira ku "Lachisanu la sabata ya mawa". Apa mpamene anthu ambiri amagwera m'mbuna. Mawu ngati "mawa", "mkuja", "sabata ya mawa" kapena "kumapeto kwa mwezi" amawerengedwa kuchokera pa tsiku limene kalatayo idalembedwa, osati limene iwe waiwerenga. Wolemba pa 5 Malichi akati Lachisanu la sabata ya mawa akunena pa 14. Koma mnzanga amene netiweki idamuvuta n'kutsegula kalatayo Lolemba pa 10 angaganize kuti ndi pa 21, n'kuchedwa ndi sabata yathunthu ali ndi mtima wokhazikika. Choncho ndisanamasulire mawu otere ndimayang'ana kaye deti imene ili pamwamba pa kalatayo.

Za fomu yatsopano ndinenepo pang'ono. Munthu akayankha kalata, zinthu zophatika monga mafomu sizitsatira yankholo, zimatsalira pa kalata imene zidabwera nayo. Ndiye fomu yakale ili pa kalata yoyamba, pamalo oonekera, pamene yatsopano yabisala pakati. Komanso munthu amene wawonjezeredwa mu unyolo mochedwa amaona mawu akale okha, mafomu sawaona. M'kope ndidalemba kuti fomu yoyenera ili pa nambala 11, ndipo ndidaikopera mu foni nthawi yomweyo netiweki ikadalipo.

Kalata ya nambala 13 idali ya ahedi athu omwe, yolembedwa Lachitatu usiku kuchokera pa imelo yawoyawo. Adafunsa mafunso atatu, n'kutsiriza ndi mawu akuti mphunzitsi wathu atumiza chiwerengero cha ophunzira onse a pasukulu pano mawa. Mphunzitsi ameneyo ndi ine, ndipo mawa lakelo lidali tsiku lomwelo ndidali kuwerenga. Ndaona kuti tikamasanthula unyolo timatchera khutu ku zimene ena akutipempha, n'kudumpha makalata ochokera kwathu poganiza kuti tikuwadziwa kale. Komatu lonjezo la mbali yathu ndi ngongole, ndipo a mbali inayo adalilemba. Chiwerengerocho chidali pa bolodi la mu ofesi, ndidachitumiza ndisanagone.

Kenako padabwera kalata ya nambala 14, yochokera kwa mayi wina wa bungwe lomwelo amene amakhala ku Amereka. Adapempha nambala ya akaunti ya sukulu pamodzi ndi kalata ya ku banki yotsimikiza kuti akauntiyo ndi ya sukuludi, ndipo tsiku adalilemba chonchi: 03/12. Ife kuno timayamba ndi tsiku kenako mwezi, ndiye maso athu amawerenga 3 Disembala. Anthu a ku Amereka amayamba ndi mwezi, ndiye kwa iye lidali 12 Malichi, Lachitatu lotsatira. Kusiyana kwake ndi miyezi pafupifupi isanu ndi inayi. Nzeru zidandiuza kuti bungwe lofuna kulipira fizi ya teremu ino silingadikire akaunti mpaka Disembala, koma nzeru si umboni. Ndidalemba 12 Malichi, tsiku loyandikira pa awiriwo, n'kuika chizindikiro cha funso pambali pake kuti ndifunse. Deti ikakhala ndi matanthauzo awiri, ndimakonzekera lapafupi uku ndikufunsa.

Imene idabisala kwambiri ndi nambala 16. Pa foni idangoonetsa mzere umodzi: mayankho ali m'munsimu. M'munsimo mudalibe kanthu, koma timadontho titatu. Timadontho timeneti timabisa mawu a makalata akale amene amabwerezedwa pansi pa yankho lililonse, ndipo nthawi zambiri palibe chifukwa chotidina. Koma anthu ena a m'maofesi ali ndi chizolowezi choyankha mkati mwa kalata yako yomwe, pansi pa funso lililonse. Nditadina ndidapeza mayankho a mafunso atatu a ahedi aja. Awiri adalibe ntchito kwa ife. Lachitatu lidati makalata a mafumu ajambulidwe n'kutumizidwa pamodzi ndi fomu ngati PDF imodzi, osati zithunzi 12 zapaderapadera, ndipo makalata enieniwo adzabwere nawo pamanja ku msonkhano wa Lachiwiri pa 18 Malichi. Msonkhanowo padalibenso pena pamene udatchulidwa kale. Chizindikiro chodziwira kalata yotere n'chakuti imakhala yaifupi kuposa mmene funso likufunira.

Kalata ya nambala 17 idati sukulu imodzi mwa inu ikonze malo a msonkhanowu. Awiri adayankha kuti ndi ganizo labwino. Palibe adati tikonza ndife. Ntchito ya "wina achite" ilibe mwini, ndipo aliyense mu unyolo amakhulupirira kuti mnzake waitenga. Sindidailembe pa ntchito zanga, chifukwa si yanga ndipo ndilibe mphamvu zopereka holo ya sukulu. Ndidailemba kuseri kwa tsamba, kumene ndimalemba zimene ndikudikira kwa ena ndi zimene zikufuna funso. Kusakaniza ziwirizi kumalemetsa mndandanda, munthu n'kumaoneka ngati uli ndi ntchito 15 pamene zako zenizeni ndi zisanu ndi ziwiri.

Nditafika pansi pa unyolo ndidachitanso kanthu kamodzi. Gmail imalumikiza makalata poyang'ana mutu wake, ndiye wina akasintha mutu poyankha, kalata yake imaduka n'kukayamba unyolo wina. Ndidalemba from: m'malo ofufuzira, n'kutsatiza adiresi ya mkulu wa bungwe uja, kuti ndione zonse zimene adatumiza sabata imeneyo. Ulendo uno padalibe yosochera, koma ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Tsopano gawo limene ndimaliona lofunika kuposa kuwerenga. Masiku amene ali m'makalata ndi a wolandira, onena nthawi imene iye akufuna zinthu zili m'manja mwake. Masiku anga ndi ena, ndipo ndimawapeza powerenga chobwerera m'mbuyo. Zonse zikufunika Lachisanu pa 14. Kwathu kuno mu Malichi mvula ikagwa netiweki imatha kusowa tsiku lonse, choncho tsiku langa lotumiza ndi Lachinayi pa 13. Kuti nditumize pa 13, makalata a mafumu ndiyenera kuwajambula pa 12. Kuti ndiwajambule, ana ayenera kukhala atabwera nawo Lolemba pa 10, kusiya Lachiwiri la ochedwa, poti amfumu ena amakhala ali kumaliro kapena chidindo chili ndi mlembi wawo mudzi wina. Kuti ana abwere nawo Lolemba, ayenera kuuzidwa Lachisanu pa 7 asanaweruke, apeze mpata Loweruka ndi Lamulungu. Ndipo kuti auzidwe, komiti ya makolo ndi aphunzitsi iyenera kukhala itasankha mayina 12 m'mawa wa Lachisanu lomwelo.

Mwaona mmene zidakhalira. Kalata idati tawonjezeredwa sabata, ndipo anzanga ena mu unyolo adapumira m'mwamba. Koma kuwerenga chobwerera kudaonetsa kuti ntchito yoyamba idali ya m'mawa wotsatira. Usiku womwewo ndidaimbira ahedi, iwo n'kutumiza uthenga kwa apampando a komiti. Kalata ya ku banki nayo idafuna ulendo wa ahedi wa ku boma, kabaza kenako minibasi, ndipo tidauika Lachiwiri pa 11 kuti akaitumizire komweko kumene netiweki ndi yodalirika.

Mawu olembera ntchito nawo ndimawasamala. "Nkhani ya fizi" si ntchito, ndi mutu wa nkhani, ndipo ukauona m'mawa sudziwa poyambira. Ndimayamba mzere uliwonse ndi mneni, monga timaphunzitsira ana m'kalasi ya Chichewa: imbira, tumiza, jambula, tenga, funsa. Mzere umodzi udati: "Uza ana 12 akatenge kalata ya amfumu yachidindo, ine, Lachisanu 7 Malichi asanaweruke, kalata 8." Wina udati: "Katengeni kalata ya ku banki, ahedi, Lachiwiri 11 Malichi, kalata 14." Mzere wolembedwa chonchi ngakhale nditadwala mphunzitsi mnzanga angathe kutenga kope n'kupitiriza osawerenga unyolo.

Ena adzafunsa kuti bwanji osangogwiritsa ntchito foni yomweyo. Zida zilipo ndithu. Mu Gmail mukatsegula kalata pali Add to Tasks, imene imaika kalatayo pa mndandanda wa Google Tasks, ndipo ntchitoyo imakhala ndi polumikizira pobwerera ku kalata ija. Mukaiikira deti imaonekanso pa Google Calendar, foni n'kukukumbutsani. Zabwino. Koma dzina limene imapatsa ntchitoyo ndi mutu wa kalata, ndiye mumapeza ntchito imodzi yotchedwa dzina la unyolo wonse, pamene mkati muli ntchito zisanu ndi ziwiri za masiku osiyana ndi anthu osiyana. Muyenera kusintha dzinalo ndi kulemba zinazo nokha. Kuika nyenyezi pa kalata n'kochepera apo, kumangokuuzani kuti muno muli kanthu, osakuuzani kuti n'chiyani, ndipo mudzawerenganso makalata 19 kuti muchipeze. Ine ndimaika mu foni masiku awiri kapena atatu amene sindingalole kuwaphonya, kuti ilire. Zonse zimakhala m'kope, limene silitha moto magetsi akazima masiku awiri.

Chomaliza chimene ndidachita usiku umenewo chidali kulemba kalata ya nambala 20, yaifupi, yopita kwa onse. Ndidati mmene tamvera ife, mayina ndi 12 a Fomu 1 mpaka 3, pa fomu ya pa 5 Malichi, pamodzi ndi makalata a mafumu mu PDF imodzi, pofika Lachisanu pa 14 Malichi; kalata ya ku banki pofika Lachitatu pa 12 Malichi, ngati 03/12 ikutanthauza zimenezo; ndipo malo a msonkhano wa pa 18 sitidamve kuti akonza ndani. Miyezi ndidailemba m'mawu, osati m'manambala. Pali anzanga amene amaopa kulemba kalata yotere, ati uoneka ngati wosamva Chingerezi kapena wofuna kulamulira akuluakulu. Koma safunsa adadya phula, ndipo ndaona kuti anthu a m'maofesi amayankha msanga kalata imene ikungofuna "inde" kapena "ayi". Yankho lidabwera m'mawa: zonse zili choncho, 12 Malichi ndi yoona, ndipo malo mkuluyo adatchula sukulu imene ikonze.

Ngakhale zidatero, sukulu ina ya mu unyolo womwewo idatumiza mayina 15 pa fomu yakale, opanda makalata a mafumu. Zidabwezedwa. Adawapatsa masiku ena ochepa, koma ana atatu amene adali atauzidwa kale kuti ali pa mndandanda adayenera kuchotsedwa, ndipo aphunzitsi a kumeneko ndi amene adakakumana ndi makolo awo.

Njira yangayi ili ndi malire amodzi amene sindingawabise. Imagwira zokhazo zimene zalembedwa mu unyolo. Kuno kwathu nkhani imayambira pa imelo, n'kupitirira pa WhatsApp, n'kuthera pa foni pakati pa anthu awiri. Lolemba pa 10 mkulu wa bungwe uja adaimbira ahedi kuti pa fomu paikidwenso nambala ya foni ya kholo kapena womulera mwana aliyense. Ahedi adandiuza tili pakhomo la ofesi, belu likulira. Ndidailemba m'kope, m'malo mwa nambala ya kalata n'kulemba "foni, ahedi, 10 Malichi", ndipo pa buleki ndidakwera pachulu paja kukalemba mizere iwiri mu unyolo: tamva pa foni lero kuti pakufunikanso manambala a makolo, tiwaika. Sukulu zina ziwiri zidayankha kuti izo zidali zisadamve.